Pemphero Likauma: Kusiyanitsa Usiku wa Mdima wa Mzimu ndi Ulesi, Kutopa ndi Matenda

Anthu amene akhala akupemphera zaka zambiri amafotokoza vutoli ndi mawu ofanana, kaya ali ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Mabvuku muno mu Harare. Wina amati: “Ndikagwada zimangokhala ngati ndikulankhula ndi khoma.” Wina amati nyimbo imene kale inkamugwetsa misozi tsopano imangodutsa pakamwa ngati phala lopanda mchere. Winanso amangoti, “Mulungu wandifulatira.” Ndipo mayankho sachedwa. Wa ku tchalitchi amati wabwerera m'mbuyo, sala kudya masiku atatu. Woyandikana naye nyumba amati pita kuthengo kwa mapositori akakuwonere. Azakhali amati ndi mizimu ya kwathu ku Malawi, yakwiya poti papita zaka osakaona manda.

Kuuma kwa pemphero kuli ndi magwero angapo, ndipo mankhwala a gwero lina amapweteka munthu amene vuto lake lachokera kwina. Waulesi afunika kumukoka khutu. Wodwala afunika chipatala. Koma pali wachitatu, amene ali m'chimene Akhristu amatcha usiku wa mdima wa mzimu, ndipo ameneyo mukamukoka khutu mumangomuwonjezera bala.

Kumene mawuwa anachokera

Anachokera kwa Yohane wa Mtanda, wansembe wa chipani cha Akarimeli wa ku Spain, amene anabadwa m'chaka cha 1542 ndi kumwalira pa 14 Disembala 1591. Ankathandizana ndi Tereza wa ku Avila pa ntchito yokonzanso chipani chawo, ndipo anzake amene sankafuna kusinthako anamugwira mu Disembala 1577 n'kumutsekera m'kachipinda kakang'ono ka mdima ku Toledo. Anakhalamo pafupifupi miyezi 9, akukwapulidwa ndi kudya mkate, madzi ndi tinsomba, mpaka anathawa mu Ogasiti 1578 potsika pa chingwe chimene anapota ndi nsanza za zofunda. Pambuyo pake analemba ndakatulo ya ndime 8 yonena za mzimu wotuluka m'nyumba usiku kukakumana ndi wokondedwa wake, kenaka mabuku awiri oifotokoza: la Kukwera Phiri la Karimeli ndi la Usiku wa Mdima.

Masiku ano mawuwa amawagwiritsa ntchito pa chilichonse chowawa: maliro, banja kutha, ntchito kutha. Yohane sankatanthauza zimenezo. Iye ankanena chinthu chimodzi chenicheni: nthawi imene Mulungu amachotsa kukoma kwa pemphero kwa munthu amene wakhala wokhulupirika, pofuna kumusamutsa kuchoka ku pemphero lodalira mawu, zithunzi za m'mutu ndi kutengeka mtima, kupita ku pemphero lachete. Fanizo lake ndi la mayi woletsa mwana kuyamwa. Amapaka zowawa ku bere, monga amayi ena kwathu amapakira tsabola, amamutsitsa kumsana, mwana n'kulira poganiza kuti chikondi chatha, pamene chimene chatha ndi mkaka wokha.

Iye anasiyanitsa usiku uwiri. Woyamba umakhudza zimene munthu amamva: kukoma, misozi, kutentha kwa pamtima, zithunzi za m'maganizo. Uwu anati umagwera anthu ambiri. Wachiwiri umafika pa tsinde, pa chikhulupiriro chenichenicho, pamene munthu amadziona ngati wotayidwa ndi Mulungu kotheratu. Uwu anati ndi wa anthu ochepa kwambiri ndipo umatha zaka. Amene amabwera kudzadandaula kwa abambo mfumu, kwa abusa kapena kwa mkulu wa mpingo, ngati alidi mu usiku, pafupifupi onse ali mu woyambawo. Choncho tikhazikike pa umenewo.

Zizindikiro zitatu

M'mutu 9 wa gawo loyamba la buku la Usiku wa Mdima, Yohane anapereka zizindikiro zitatu. Chofunika kuchigwira ndi chakuti zonse zitatu zipezeke pamodzi. Chimodzi chokha sichinena kanthu.

Choyamba: munthu sapeza kukoma m'zinthu za Mulungu, komanso sapeza china cholowa m'malo mwake. Apa ndi pamene ulesi umagwidwira. Amene pemphero lauma chifukwa mtima wapita kwina amakhala ndi kumene wapita. Kolona imamulemera koma foni siimulemera. Misa ya ola limodzi ndi yaitali koma mpira wa maola awiri ndi waufupi. Mwina pali chibwenzi chatsopano, mowa, kapena bizinezi imene yamutenga mtima. Njala yake sinathe, yangosintha mbale. Wa mu usiku uja akayesa kudzisangalatsa ndi zina amapeza kuti nazonso sizimukhutitsa pa njala imeneyi.

Koma Yohane mwini anaona kuti chizindikirochi chingabwerenso ndi matenda a thupi kapena chisoni cha m'magazi chimene anthu a nthawi yake ankachitcha melankoliya, chimene chimachotsa kukoma pa chilichonse. N'chifukwa chake anawonjeza chachiwiri: munthuyo amakhala akukumbukira Mulungu ndi nkhawa yowawa, akuganiza kuti sakumutumikira bwino, kuti akubwerera m'mbuyo. Izi zimaoneka ngati zachilendo, koma kudandaula kumeneko ndiko umboni. Waulesi sadandaula, Lamulungu likamudutsa amangoti tidzapita sabata yamawa. Wa mu usiku mtima umamupweteka chifukwa akumufunabe Mulungu amene sakumumva. Palibe amene amalira maliro a munthu amene sankamukonda.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri amachidumpha, pamene ndicho chimanena kwambiri: munthu sangathenso kusinkhasinkha monga ankachitira, ngakhale ayesetse. Kale ankatenga nkhani ya m'munda wa Getsemane n'kuiona m'maganizo, mitengo, thukuta, ophunzira akugona, n'kutulukamo ndi phunziro. Tsopano akayamba, mutu umangoima. Si kuti maganizo athawira ku renti kapena ku sukulu fizi, ngakhale nazo zimabwera. N'kuti njira ija yatsekeka. M'buku lina lija la Kukwera Phiri la Karimeli, gawo lachiwiri mutu 13, Yohane anawonjeza mbali imene imathandiza kwambiri pofunsa munthu: pansi pa kuumako pamakhala kachilakolako kofuna kungokhala chete payekha pamaso pa Mulungu, osanena kanthu. Poyamba kamakhala kakang'ono kwambiri moti mwiniwake sakazindikira, kapena amakatenga ngati ulesi.

Tiyese pa munthu mmodzi

Tiyerekeze mayi wa zaka 46 wa ku Mufakose, makolo ake anachokera ku Dedza, iye anabadwira konkuno. Amagula tomato ndi masamba ku Mbare Musika n'kumagulitsa pafupi ndi kwawo. Kwa zaka 20 wakhala akudzuka 4 koloko, kunena kolona asanakakwere kombi, ndipo ndi wa Legio komanso msungichuma wa mphakati. Wabwera kudzanena kuti papita miyezi 8 osamva kanthu, ndipo walapa kanayi tchimo la “kusowa chikhulupiriro” koma palibe chasintha.

Mlangizi wodziwa ntchito sayamba ndi za mzimu. Amayamba ndi thupi: “Amayi, mumagona nthawi yanji?” Funsoli n'lofunika kwambiri muno mu Harare. Ngati magetsi amabwera 10 koloko usiku ndipo ndi pamene mayiyu amasita, kuphika nyemba ndi kutchaja mafoni, kenaka 3 koloko ali pa mzere wa ku mjigo, ndiye kuti akugona maola anayi. Munthu wotere sali mu usiku wa Yohane wa Mtanda, ali ndi tulo. Eliya atathawira m'chipululu n'kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo sanamulalikire: anamusiya agone, anamupatsa mkate ndi madzi, kawiri konse. Ngati vuto ndi limeneli, asunthe nthawi ya pemphero, agone maola 7 kwa masabata awiri kapena atatu, kenaka aonenso. Pa msinkhu wakewu pafunikanso kufunsa za kusiya kusamba, kuchepa magazi, shuga ndi chithokomiro, komanso ngati wayamba mankhwala atsopano, chifukwa zonsezi zimafooketsa munthu mpaka m'pemphero. Izi amayeza ku kiliniki, osati m'chipinda cholapira.

Tinene kuti akugona bwino ndipo thupi lilibe vuto. Funso lachiwiri: chinasintha n'chiyani miyezi 8 yapitayo? Pali amene anayambana naye osakhululukirana? Pali ndalama za mphakati zimene anabwereka mwakachetechete n'kulephera kubweza? Pali imfa? Tchimo lobisidwa limaumitsa pemphero, ndipo mwini wake nthawi zambiri amalidziwa. Akafunsidwa modekha amayang'ana pansi. Koma mayi wathuyu walapa kanayi ndipo akufufuzabe tchimo limene sakulipeza. Kufufuza kosapeza kanthu kumeneku kukuloza kwina.

Chachitatu: “Nthawi ija ya kolona mukuigwiritsa ntchito yanji tsopano?” Akayankha kuti amangotsegula foni mpaka nthawi ya kombi, nkhani yapita ku ulesi. Koma iye akuti amadzukabe 4 koloko, amagwira kolona, amafika pa Tikuoneni Maria wachitatu n'kupeza kuti wangokhala chete, mikanda ili m'manja, mphindi 20 zapita, ndipo amadziimba mlandu kuti waba nthawi ya Mulungu. Mlangizi amafunsanso: “Chete ameneyo mumamuda, kapena mukanaloledwa mukanakhalamo?” Mayiyo akaganiza pang'ono n'kunena kuti, “Kunena zoona, abambo, mawu ndi amene akunditopetsa, ndikanakonda kungokhala,” ndiye kuti chizindikiro chachitatu chija chapezeka.

Funso lotsiriza ndi la moyo wa tsiku ndi tsiku. Kodi akugulitsabe bwino, kuwerengera chenji osasokoneza? Mdzukulu akamuseketsa amaseka? Nsima ikumukomera? Odwala a mu mphakati akuwayenderabe? Ngati zonsezi zili m'malo, ndipo mwina ana ake akuti masiku ano amayi sakalipa monga kale, ndiye kuti kuumako kwagwira pemphero lokha, moyo wonse ukuyenda. Apa mlangizi anganene mosamala kuti izi zikufanana ndi usiku woyamba uja. Mosamala, chifukwa pa kukumana kumodzi palibe amene angatsimikize. Chimatsimikiza ndi nthawi.

Pamene yankho lili ku chipatala

Tsopano tisinthe mayankho ake pang'ono. Akuti amadzuka 2 koloko tulo osabweranso, nsima amangoitola pang'ono, siketi zayamba kukhwepa, wasiya kupita ku Mbare masiku ena chifukwa thupi likukana kudzuka, chenji akusokoneza, mdzukulu akumusowetsa mtendere, ndipo nthawi zina amaganiza kuti ana ake akanapepukidwa iye atafa. Ameneyu ali ndi matenda a kukhumudwa, amene achipatala amati dipuresheni, ndipo anzathu Achishona amawatchula kuti kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Achipatala amayang'ana ngati kukhumudwa kapena kutha kwa chidwi kwakhala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kupitirira, pamodzi ndi kusokonekera kwa tulo, kudya, mphamvu ndi kuganiza.

Kusiyana kwake kumamveka ngakhale m'mawu a munthu. Wa mu usiku amati, “Sindikumupeza Mulungu.” Wodwala amati, “Ndine wachabechabe, palibe chimene chidzasinthe.” Woyambayo maso ake ali kunja, pa amene akumufuna, wachiwiriyo matenda amutsekera mkati mwake. Alangizi ambiri amanenanso kuti ukacheza ndi wa mu usiku umachokapo wopepukidwa, mwina mwasekako, pamene ukacheza ndi wodwala umachokapo utasenza katundu. Chimenechi si muyeso wa chipatala, koma sichinama kawirikawiri.

Muno mu Harare thandizo lilipo pafupi. Ntchito ya Friendship Bench, imene Dokotala Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare, ili m'makiliniki ambiri a mzindawu: agogo ophunzitsidwa amakhala ndi munthu pa benchi, nthawi zambiri maulendo 6, kuthandizana naye kumasula mavuto limodzilimodzi. Amayamba ndi mafunso 14 oyankha inde kapena ayi, ndipo amene apezeka kuti matenda akula amamutumiza kwa namwino kapena dokotala. Mankhwala a matendawa sagwira tsiku lomwelo. Amatenga masabata awiri mpaka 6, ndipo ena amawasiya msanga poganiza kuti sakuthandiza. Munthu akanena zofuna kudzipha, nkhani ya zizindikiro zitatu iyambe yaima. Asasiyidwe yekha, mankhwala a makoswe ndi a mbewu achotsedwe m'nyumba, ndipo apite naye ku chipatala tsiku lomwelo.

Zinthu ziwirizi zimathanso kukhala mwa munthu mmodzi nthawi imodzi, ndipo Yohane mwini anavomereza kuti usiku ungabwere pamodzi ndi melankoliya. Choncho kupita ku kiliniki sikutanthauza kuti za mzimu zatha. Mapiritsi sangachotse usiku weniweni, chifukwa si matenda. Angochotsa matendawo, chotsalacho n'kuoneka bwino. Kulakwa koopsa kuli mbali inayo: kuuza wodwala kuti ali mu usiku wa oyera mtima, apirire. Kumeneko n'kumukongoletsera matenda amene angamuphe.

Chochita akakhala kuti alidi mu usiku

Apa malangizo a Yohane amatembenuza zimene ambiri tinazolowera. Munthu akauma, nzeru ya msanga imati wonjeza: kolona ziwiri m'malo mwa imodzi, novena pamwamba pa novena, kusala, mapemphero a usiku wonse Lachisanu lililonse. Kwa waulesi zimenezi zingathandize. Ignasio wa ku Loyola, woyambitsa chipani cha Ajezuiti amene tikuwadziwa ku Chishawasha, analangizadi kuti pa nthawi ya kuuma munthu alimbikire pemphero, ngakhale kupitirirako pang'ono pa nthawi imene anaika. Koma iye ankanena za kuuma kumene kumakokera munthu ku zinthu zapansi, kosiyana ndi usiku uwu. Kwa wa mu usiku, Yohane anati kulimbana kuti abwezeretse kusinkhasinkha kwakale kuli ngati munthu amene akumujambula chithunzi koma iye n'kumangogwedeza mutu: wojambulayo sangamalize.

Kwa mayi wa ku Mufakose uja, zimenezi zikutanthauza zinthu zooneka. Nthawi asaisinthe: 4 koloko yomweyo, malo omwewo, mphindi 30 zomwezo, osachepetsa poti sizikukoma, osawonjezera pofuna kudzilanga. Ayambe ndi chizindikiro cha mtanda ndi ndime imodzi yaifupi, mwina ya mu Salimo 42 kapena 63. Ngati tsiku limenelo mutu ukutha kusinkhasinkha, asinkhesinkhe. Yohane sananene kuti munthu ataye njira yakale isanathe yokha, ndipo pa chiyambi masiku amasinthanasinthana. Ngati mutu waima, asiye, akhale chete, mtima utaloza kwa Mulungu monga munthu amakhalira pa khonde ndi mnzake wakale osalankhula. Maganizo akathawira ku mtengo wa tomato, awabweze ndi liwu limodzi, monga dzina la Yesu, popanda kudzikalipira. Akathawa ka 40, awabweze ka 40. Pemphero la tsikulo ndi limenelo. Kolona anganene masana ali pa msika kapena madzulo ndi banja, chifukwa mapemphero a pamodzi, Misa ndi masakramenti sizisiyidwa. Kwa wa CCAP n'chimodzimodzi: mapemphero a Lamulungu, Mgonero ndi Chigwirizano zipitirire, chimene chikusintha ndi kachitidwe ka pemphero la payekha.

Lamulo limodzi la Ignasio limagwira ntchito pa kuuma kwa mtundu uliwonse: pa nthawi yotere usasinthe zimene unatsimikiza kunja kukuwala. Asatule udindo wa usungichuma mwezi uno. Asachoke mu Legio. Makamaka asasamuke mpingo. Mu mzinda uno, mmene muli tchalitchi pa ngodya iliyonse ndi zokuzira mawu zake, chiyeso chimenechi n'chachikulu. Munthu amapita kumene kuli ng'oma ndi kugwa pansi, amamvadi kutentha kuja kwa miyezi itatu kapena inayi, kenaka kuuma kumamupeza komweko, n'kusamukanso. Ena azungulira mipingo isanu akuthamangitsa mkaka umene anayenera kuusiya. Yohane anali ndi dzina la khalidweli: umbombo wa zauzimu. Analiika pamodzi ndi zolakwa zina za oyamba kumene, monga kudzikundikira makolona, mitanda ndi mabuku, ndi kufuna kuti ena aziona kuti ndiwe wopemphera. Usikuwo anati umabwera kudzachotsa zimenezi, zimene munthu sangazichotse yekha poti sazionanso.

Kulapa kubwerere pa nthawi yake ya masiku onse, mwina kamodzi pa mwezi, ndipo kuuma asakutchule ngati tchimo, chifukwa si tchimo. Izi n'zofunika chifukwa m'mutu 14 wa gawo loyamba la buku la Usiku wa Mdima, Yohane anachenjeza za mayesero atatu amene amaperekeza usikuwu kwa ena: zilakolako zathupi zimene zimabuka mwamphamvu, maganizo onyoza Mulungu amene amalowa okha mpaka kufika pa lilime, ndi chizungulire cha kukayika pa kanthu kalikonse ngati ndi tchimo kapena ayi. Mayi amene wapemphera zaka 20 akamva mawu otukwana m'mutu mwake pa nthawi ya Ukaristia amachita mantha kwambiri, ndipo akawauza munthu wolakwika amuuza kuti ali ndi chiwanda. Chimene chimasonyeza kuti si ake n'chakuti amadana nawo. Asalimbane nawo, awasiye adutse. Koma akakula mpaka kumulepheretsa ntchito, kapena akayamba kubwereza mapemphero maola ambiri poopa kuti sanawanene bwino, palinso matenda a maganizo amene amachita zimenezo, ndipo a chipatala amawadziwa.

Mlangizi akhale mmodzi, wokumana naye kamodzi pa masabata anayi kapena 6. Kufunsa anthu asanu kumabweretsa mayankho asanu otsutsana. Ndipo si aliyense wovala kolala amene amazidziwa izi. Yohane anakalipira kwambiri alangizi a nthawi yake, n'kuwafanizira ndi osula zitsulo amene amangodziwa kumenya ndi nyundo: munthu akuti sindikutha kusinkhasinkha, iwo n'kumati yesetsa, ukungotaya nthawi. Njira yosavuta yoyesera mlangizi ndi kuona ngati akufunsa mafunso asanayankhe, ndiponso ngati saopa kunena kuti pitani ku kiliniki.

Mmene anthu amafotokozera kudutsamo

Fanizo la Yohane limene amayi a kuno amalimva msanga ndi la chikuni pa moto. Analilembera usiku wachiwiri, koma limathandiza pa wonse uwiri. Magetsi akazima n'kukoleza nkhuni zaziwisi panja, chikuni sichiyamba ndi kuyaka. Chimayamba kulira, kutulutsa thovu kumapeto, kufuka utsi wowawa m'maso, kuda bii. Woona angati moto ukuchiwononga. Koma madzi ndi utsiwo zinali m'katimo kale, moto wangozitulutsa. N'chifukwa chake anthu a mu usiku amanena kawirikawiri kuti akudziona oipa kuposa kale: nsanje, kupsa mtima, kudzikonda, zonse zikuonekera. Sanaipe, ayamba kuona.

Kutalika kwake palibe amene angakuuzeni. Yohane anati kumadalira kuchuluka kwa zofunika kuyeretsa ndi mphamvu za munthuyo: olimba amawadutsitsa mwamphamvu ndi mwamsanga, ofooka pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndi timasiku ta kuwala pakatipakati kuti asabwerere. Timasiku timeneti timanamiza. Munthu amati zatha, sabata yotsatira mdima n'kubwerera, iye n'kuganiza kuti walakwanso. Sanalakwe, ndi mmene zimayendera.

Pali mayina awiri amene amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Tereza wa Mwana Yesu wa ku Lisieux analowa mu mdima wa chikhulupiriro pa Pasaka wa 1896 ndipo anakhalamo mpaka imfa yake pa 30 Seputembala 1897. Mayi Tereza wa ku Kalkuta, malinga ndi makalata ake amene anasindikizidwa mu 2007, anakhala mu mdima pafupifupi zaka 50 mpaka kumwalira mu 1997, kupatula masabata ochepa mu 1958. Nkhani zawo zimatonthoza, koma n'kulakwa kuzipereka kwa mayi wa ku Mufakose ngati chitsanzo cha zimene zikumudikira. Zawo zinali za mtundu wina, wosowa. Chimene angatengepo n'chimodzi: onse awiri anapitiriza ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa amene ankakhala nawo sanadziwe n'komwe.

Odutsa usiku woyamba sanena kuti kukoma kwakale kunabwerera. Ambiri amati sikunabwerere, ndipo anasiya kukufuna. Amati tsiku lina anangozindikira kuti papita masabata osadzifunsa ngati pemphero layenda bwino. Amati mphindi 30 zija, zimene zinali ngati kudikira kombi pa mvula, zinasanduka malo opumira ngakhale mulibe chomva. Ena amati Masalimo amene ankawadumpha, monga 88 amene amathera mu mdima popanda mawu a chitonthozo, anayamba kuwamva ngati awo.

Koma mawu a mwiniwake si muyeso wokwanira, chifukwa iye ndi amene amaona mochedwa. Mayi uja akabweranso patatha miyezi itatu, mwina adzanena kuti palibe chasintha, kukadali gwa. Mlangizi asafunse ngati wayamba kumva kukoma. Afunse ngati akudzukabe 4 koloko. Afunse za tulo ndi kudya, mwezi uliwonse, chifukwa matenda angalowe pakati pa ulendo. Kenaka afunse za mayi wa mu mphakati amene amapemphera mofuula ndi kulira, amene kale ankamuona ngati wodzionetsera: masiku ano akamuona amamva bwanji? Ndi za mpongozi amene anasiyana naye mawu pa maliro chaka chatha: wamuimbirako foni?